Chifukwa chake lipisitiki yomweyo imakongoletsa wina n'kutuwitsa wina

Mtundu umene mumauona pa lipisitiki ikadali m'chubu si umene udzaonekere pamilomo panu. Chimene timapakacho n'chopyapyala kwambiri, moti kuwala kumadutsa, kukagunda khungu, kenaka n'kubwerera m'maso mwa wokuonani kutasakanikirana ndi mtundu wa khungulo. Khrayoni wa pinki amene amawala papepala loyera, mukamulemba papepala la khaki amazilala kapena kusanduka mtundu wina. Pa khungu lakuda nkhaniyi imakula, chifukwa melanini, utoto wachilengedwe umene umadetsa khungu, amameza gawo lalikulu la kuwala. Kuwala kochepa kumene kwabwererako ndiko kumanyamula mtundu wonse umene anthu amaona.

Ine ndi mng'ono wanga ndife akuda mofanana. Mutatiimika pamodzi simunganene kuti uyu ndi woyererako. Koma khungu langa likawombedwa ndi dzuwa limaonetsa kufiirira kopendekera ku golide, pamene lake limaonetsa kuda kozama kopendekera ku buluu. Umenewu ndiwo mtundu wapansi, umene odziwa za zodzoladzola amati andatoni. Kuda kapena kuyera kwa khungu ndi nkhani ina, mtundu wapansi ndi inanso, ndipo anthu awiri akhoza kufanana pa choyambacho koma n'kusiyana kutalitali pa chachiwiricho. Kusiyanaku kumachokera ku kuchuluka kwa mitundu iwiri ya melanini, wina wakuda ndi wina wofiirira chachikasu, kudzanso magazi oyenda m'timitsempha ta pansi pa khungu.

Ndisanalowe m'za mtundu wapansi, pali chinthu china chimene ndimaona kuti chimaononga nkhope zakuda zambiri kuposa andatoni, koma mlandu wake umagwera andatoniyo. Chinthucho ndi utoto woyera.

Opanga zodzoladzola akafuna kuti mtundu uoneke wofewa kapena kuti uziphimba bwino, amathiramo ufa woyera wotchedwa titaniyamu dayokisaidi. Pa chikuto umalembedwa kuti CI 77891. Ufawu sulola kuwala kudutsa, umakubweza konse. Pa munthu woyera khungu suoneka, chifukwa umafanana ndi khungu lakelo. Pa munthu wakuda umangokhala pamwamba osalowerera, ndipo zotsatira zake ndi kutuwa kuja tonse timakudziwa: milomo ya mbuu, masaya ooneka ngati agwera fumbi. Lipisitiki zambiri za pinki wotumbuluka ndi zija zimagulitsidwa kuti n'za mtundu wa khungu zili ndi ufa woyerawu wambiri. Munthu akapaka n'kutuwa amati, "Pinki sandikhala ine." Koma nthawi zambiri pinkiyo alibe mlandu. Pinki wowala wopanda zoyera zambiri akanamukhala bwinobwino.

Kuwerenga chikuto kumathandiza pang'ono chabe, chifukwa makampani ambiri amalemba mndandanda umodzi wa utoto wa mitundu yonse imene akugulitsa pansi pa dzina limodzi, n'kuika chizindikiro cha +/- kutsogolo kwake. Mukhoza kuona CI 77891 pa lipisitiki imene mulibemo ufawo n'komwe. Chala chimanena zoona kuposa chikuto. Pakani mzere umodzi kuseri kwa dzanja, kenaka muufafanize ndi chala mpaka upyapyale. Ngati pamene ukupyapyala ukusiya kamtambo kotuwa, muli zoyera zambiri. Ngati ukupyapyala koma mtundu wake n'kukhalabe womwewo, khungu lanu n'kumaonekera pansi pake, ndiye kuti ndi utoto umene ungagwirizane ndi khungu lakuda. Mayeso amenewa ndimayamba nawo nthawi zonse, ndipo mitundu yambiri imagwera pomwepa tisanafunse n'komwe za golide kapena buluu.

Kwa zaka zambiri zodzoladzola zinkapangidwa poganizira khungu loyera, n'chifukwa chake ufa woyerawu unali paliponse. Mu 1973 mayi Eunice Johnson a ku America anayambitsa kampani ya Fashion Fair ataona kuti atsikana akuda oonetsa zovala pa zionetsero zawo ankachita kusakaniza okha zodzola kuti apeze zowakhala. Mu 2017 kampani ya Fenty Beauty inatulutsa faundeshoni ya mitundu 40 nthawi imodzi, ndipo makampani ena anayamba kuthamangira kuonjezera mitundu yakuda. Zimenezo zinathandiza kwambiri pa faundeshoni. Pa zopaka m'masaya zinthu zinayenda pang'onopang'ono, ndipo mpaka pano mungapeze timabokosi tokongola m'maso timene pa tsaya lakuda sitioneka n'komwe.

Tsono mtundu wapansi mungaudziwe bwanji? Malangizo ofala amati yang'anani mitsempha ya pamkono, ikaoneka yobiriwira ndinu a golide, ikaoneka ya buluu ndinu a mbali inayo. Pa ambiri a ife mitsemphayo siioneka, ndipo ikaoneka, imaonekera mkati mwa mkono, malo amene mtundu wake ndi wosiyana ndi wa nkhope. Zoyesa ndolo za golide ndi za siliva kuti muone zimene zikukukhalani nazonso sindizikhulupirira kwenikweni, poti khungu lakuda limakonda kulandira zonse ziwiri. Zilembo za pa mabotolo a faundeshoni zikanathandiza, koma makampani sagwirizana. Ambiri amalemba W pa mitundu yopendekera ku chikasu ndi C pa yopendekera ku pinki, pamene a MAC amalemba NC pa ya chikasu ndi NW pa yofiirira. Munthu akhoza kusokonezeka osalakwa.

Njira imene ndimaidalira ndi yoyesa ndi utoto weniweniwo. Tengani lipisitiki zofiira zitatu: ina yopendekera ku olenji, ina yofiira chabe, ina yopendekera ku pepo. Sukusulani, musapake kanthu, khalani pafupi ndi zenera masana koma dzuwa lisakuwombeni mwachindunji. Lembani mizere itatu patsaya, kuyambira pafupi ndi nsagwada kukwera m'mwamba, motalikirana pang'ono, ndipo mzere uliwonse muufafanize mbali imodzi. Kenaka bwererani m'mbuyo masitepe awiri kuchoka pa galasi. Musayang'ane mizereyo. Yang'anani khungu la pambali pa mzere uliwonse. Pali mzere umene khungu loyandikana nawo limaoneka lamoyo, losalala. Pali wina umene khungu lake limaoneka lotuwa, kapena lobiriwirako, kapena madontho akuda n'kuyamba kuonekera kwambiri. Mzere umene khungu lake laoneka lamoyowo ndiwo ukukuuzani mbali imene khungu lanu lapendekera.

Chifukwa chake timayang'ana khungu osati mzere chinafotokozedwa kalekale ndi katswiri wa sayansi ya kemisitiri wa ku France, Michel Eugène Chevreul, amene ankayang'anira zonyika ulusi pa fakitale yoluka nsalu ya Gobelins ku Paris. Kunali madandaulo akuti ulusi wakuda sukuda mokwanira. Iye atafufuza anapeza kuti utotowo unalibe vuto, koma ulusi wakudawo unkasintha maonekedwe malingana ndi mtundu umene waikidwa pafupi nawo, ndipo zimene anapezazi anazifalitsa mu 1839. Diso likaona mtundu wamphamvu, limakankhira mtundu woyandikana nawo ku mbali yotsutsana. Chofiira chimachititsa choyandikana nacho kuoneka chobiriwirako, olenji amachipendeketsa ku buluu, pepo amachipendeketsa ku chikasu. Choncho lipisitiki siimangokongoletsa milomo yokha, imasinthanso mmene khungu lonse lozungulira pakamwa likuonekera.

Tinayesa zimenezi ine ndi mng'ono wangayo ndi lipisitiki imodzi yofiira ngati njerwa, yosawala, yopendekera ku olenji ndi bulauni. Pa ine inalowerera. Poti khungu langa lili kale ndi kufiirira kwa golide, milomo inangooneka ngati mbali ya nkhope imene yawonjezeredwa mphamvu pang'ono, ndipo munthu akanatha kundiona osazindikira msanga kuti ndapaka kanthu. Pa iye lipisitiki yomweyo inatuluka olenji weniweni. Bulauni uja anamezedwa ndi kuda kwa milomo yake, kunatsala olenji yekha, ndipo olenjiyo anakankhira khungu la pachibwano pake ku buluu wotuwa. Anadziyang'ana pagalasi n'kunena kuti, "Achemwali, imeneyi ndi yanu ndithu, ine yandidwalitsa."

Kenaka tinasinthana ndi yake, yofiira mozama yopendekera ku pepo. Pa iye inali yofatsa, yaulemu, yoti akhoza kupita nayo kuntchito. Pa ine inachita kukuwa. Milomo inaonekera patali, ndipo khungu langa linaoneka lachikasu kuposa mmene lilili. Koma sindinganene kuti inandiipitsa. Inandipatsa nkhope ina, yolimba mtima, imene ndimaifuna masiku ena. Apa m'pamene ndimasiyana ndi aja amalemba malamulo akuti a khungu la golide azipaka izi zokha, a buluu izo zokha. Mtundu wapansi sukulamulani choti mupake. Umangokuuziranitu chimene chichitike: mtundu wogwirizana ndi khungu lanu udzalowerera, wotsutsana nalo udzaima pawokha n'kusintha pang'ono maonekedwe a khungulo. Mukafuna milomo yoonekera, sankhani wotsutsanawo mwadala, koma ukhale wamphamvu ndi wophimba bwino. Choipa chimabwera mtundu wotsutsana ukakhala wofooka, chifukwa ukasakanikirana ndi khungu umatulutsa matope. Pepo wopyapyala pa khungu la golide amatha kuoneka ngati pamene munthu wamenyedwa.

Pali gulu lachitatu limene limavutika kwambiri, la khungu lakuda lopendekera ku kubiriwira pang'ono. Anthu amenewa faundeshoni zambiri zimawafiiritsa, pinki wofewa amawatuwitsa, olenji amawawalira mopitirira. Iwo amapeza mtendere pa mitundu yozama yokhala ndi bulauni mkati, monga maruni ndi yofiira yoderako.

Milomo ya anthu akuda ili ndi nkhani yakeyake imene mtundu wapansi suifotokoza. Ambiri a ife mlomo wam'mwamba ndi wakuda kuposa wam'munsi, ndipo wam'munsiwo ndi wakuda m'mbali koma wa pinki pakati. Lipisitiki yopyapyala imatuluka mitundu iwiri kapena itatu pakamwa pamodzi. N'chifukwa chake kuyesa kuseri kwa dzanja kokha sikukwanira. Yesani pawiri: kuseri kwa dzanja kuti muone mmene ikhalire pa mlomo wam'mwamba, ndi pa nsonga ya chala cham'kati kuti muone mmene ikhalire pakati pa mlomo wam'munsi. Mitundu iwiriyo ikasiyana kwambiri, dziwani kuti isiyananso pakamwa panu.

Ena amathetsa vutoli popaka faundeshoni pamilomo kaye kuti ifanane. Zimathekadi, koma milomo imauma, ndipo lipisitiki ikayamba kuchoka pakati pamatsala chinthu chotuwa. Ine ndimakonda pensulo ya milomo. Ikhale ya bulauni woderako pang'ono kuposa khungu lanu, ndipo nayonso itsate mtundu wapansi: bulauni wofiirira kwa a golide, bulauni wopendekera ku pepo kwa a buluu. Jambulani m'mbali mwa milomo, kenaka kokerani utotowo m'kati pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mlomo, mufafanize ndi chala kuti pasakhale mzere wakuthwa. Lipisitiki muipake pakati pokha, mugundanitse milomo kawiri katatu, basi. Mukatero, mtundu wowala sukhudzana mwachindunji ndi khungu la nkhope, pamakhala bulauni wolumikiza ziwirizo. Ngakhale lipisitiki yotumbuluka ija imene inalephera mayeso a chala ikhoza kupulumuka mwanjira imeneyi, bola muipake pang'ono ndi kuika gulosi pamwamba. Gulosi amathandiza chifukwa kunyezimira kumabisa kuuma kwa ufa woyera. Lipisitiki yosawala siibisa kanthu, chilichonse cholakwika pa mtundu chimaonekera poyera.

Za lipisitiki ya mtundu wa khungu ndinene mwachidule. Musaiyerekeze ndi tsaya lanu, iyerekezeni ndi milomo yanu. Ikhale pakati pa mtundu wa mlomo wam'mwamba ndi wa pakati pa wam'munsi. Ikayera kuposa pamenepo, pakamwa pamafufutika ndipo nkhope imaoneka yotopa.

Zopaka m'masaya ndizo zimafuna kulimba mtima, chifukwa diso limatinamiza tikamasankha. Munthu woyera akachita manyazi kapena akathamanga, masaya amasanduka pinki, ndipo utoto wambiri wa m'masaya unapangidwa motsanzira pinki ameneyo. Munthu wakuda magazi akakwera kumaso, khungu silisanduka pinki, limangozama n'kufiirira. Choncho pinki wofewa wa m'kabokosi alibe chimene akutsanzira pa nkhope yathu. Kuonjezera apo, paudala wambiri amapangidwa ndi ufa wotumbuluka wotchedwa taliki, utoto n'kungokhala wochepa. Mukapaka kamodzi suoneka. Mukabwereza kanayi kuti uoneke, chimene chimachuluka ndi ufawo, ndipo tsaya limatuwa m'malo mofiira.

Lamulo langa ndi lakuti utoto wa m'masaya uyenera kukuopsani pang'ono mukauona m'kabokosi. Olenji wowala kwambiri, wofiira psuu, pinki wakuthwa wopendekera ku pepo, maruni wozama. Khungu limameza gawo lalikulu la mphamvu yake, ndipo chotsalacho ndicho chimaoneka chachibadwa. Pa ine olenji wowala uja amasanduka kufunda kwa mkuwa, wosadziwa sanganene kuti ndi olenji. Pa mng'ono wanga amakhalabe olenji, chigamba chooneka malire ake, pokhapokha atamusakaniza ndi kofiira pang'ono. Iye amene amamukhala ndi maruni wopendekera ku pepo, amene amalowa m'khungu lake n'kuoneka ngati magazi ake omwe. Maruni yemweyo pa ine amadetsa tsaya ndipo amafuna kusamala kuti asaoneke ngati mthunzi. Mtundu umene tonse awiri timabwerekana popanda vuto ndi wofiira weniweni wosapendekera mbali iliyonse, ndipo wina atandifunsa kuti ayambe ndi uti asakudziwa mtundu wake wapansi, ndingamuuze umenewo.

Pa masaya, kutsutsana ndi mtundu wapansi sikukhululukika msanga ngati pamilomo. Milomo ili ndi malire ake, aliyense amadziwa kuti yapakidwa ndipo amavomereza. Tsaya lilibe malire, utoto umayenera kuzilala mpaka kusungunukira m'khungu, ndipo m'mbali mopyapyalamo ndi mmene mitundu yotsutsana imasakanikirana n'kutulutsa matope aja. N'chifukwa chake ndimalola milomo kuchita zofuna zake koma masaya ndimawasunga pafupi ndi mtundu wa khungu langa.

Wa kirimu kapena wamadzi nthawi zambiri umakhala bwino pa khungu lakuda kuposa wa paudala, poti utoto wake uli m'mafuta oonekera m'kati osati mu ufa. Donthezani kuseri kwa dzanja kaye, osati patsaya. Tengani pang'ono ndi chala, ikani timadontho tiwiri kapena titatu pamwamba pa fupa la tsaya, kuyambira pansi pa ngodya yakunja ya diso kulowera kukhutu, ndipo muzigogoda, musakhule, kuti faundeshoni ya pansi isasunthe. Malizani tsaya limodzi musanayambe linalo, chifukwa amadzi ena amauma msanga n'kusiya dontho losafafanizika. Ngati khungu lanu ndi lamafuta, sesani paudala wochepa wa mtundu wofanana pamwamba pa kirimuyo kuti akhalitse. Ngati muli ndi madontho akuda otsala ndi ziphuphu, aphimbeni kaye, chifukwa utoto wa pepo kapena maruni ukadutsa pa dontho losaphimbidwa limada kwambiri. Zonyezimira zake nazo muziziyang'ana: tinthu tonyezimira ta golide kapena mkuwa timalowerera, ta siliva ndi toyera timakonda kutuwitsa ngakhale pa khungu lopendekera ku buluu.

Milomo ndi masaya siziyenera kukhala mtundu umodzi, koma zikhale mbali imodzi. Milomo yopendekera ku pepo ndi masaya a olenji zimakokera khungu mbali ziwiri, pakamwa n'kuoneka pachikasu, masaya m'mbali n'kuoneka otuwa. Njira yachidule ndi kugwiritsa lipisitiki yomweyo, ngati ndi yofewa, kuigogoda patsaya ndi chala. Zija zamadzi zouma gwaa musayese, sizifafanizika.

Zonsezi zimadaliranso nyali imene mwaimapo. Babu wachikasu, amene pa chikuto chake amalemba 2700K, amawonjezera kufiirira pa chilichonse. Pansi pake pepo amazilala n'kuoneka bulauni, olenji n'kuoneka wofatsa kuposa mmene alili. Kuwala kwa masana kuli cha m'ma 5500K mpaka 6500K, ndipo kumatulutsa buluu yense ndi kutuwa konse kumene babu uja anabisa. Mukayesa mtundu m'nyumba, tulukani nawo panja ndi kagalasi, ndipo dikirani mphindi 10 kapena 15 musanagamule, chifukwa utoto ukasakanikirana ndi mafuta a khungu umakonda kuderako. Kujambula chithunzi ndi foni sikulowa m'malo mwa zimenezi, poti foni imasintha yokha kuwala ndi mitundu, ndipo pa nkhope zakuda kawirikawiri imayeretsa khungu mopitirira.

Chenjerani ndi lipisitiki zija zimaoneka zobiriwira kapena zoonekera m'kati koma n'kusanduka pinki mukapaka. Amazigulitsa ponena kuti zimadzisankhira mtundu wogwirizana ndi thupi lanu. Zoona zake n'zakuti zambiri muli utoto umodzi, wolembedwa CI 45410, umene umakhala wopanda mtundu pouma n'kusanduka pinki wopendekera ku buluu ukakhudza chinyezi cha milomo. Umatulutsa pinki yemweyo kwa aliyense. Pa milomo ya mitundu iwiri umawala pakati pa mlomo wam'munsi n'kusaoneka pa wam'mwamba, choncho mukafuna kuugwiritsa ntchito, yambani ndi pensulo ya bulauni wopendekera ku pepo, ndipo mlomo wam'mwambawo muupake kawiri.